Kompyuta Ikakana Kulowa Pa Domeni

Kompyuta ikalemba "The trust relationship between this workstation and the primary domain failed", nthawi zambiri pasiwedi ya kompyutayo payokha, osati yanu, imene imasintha masiku 30 alionse, yasemphana ndi imene ili pa seva yoyang'anira domeni, netiweki imene makompyuta onse amayendetsedwa kuchokera pamalo amodzi. Izi zimachitika mukabwezera snapshoti yakale, kope losunga mmene kompyuta inalili kale. Musathamangire kuichotsa pa domeni: ngati mulibe pasiwedi ya Administrator wa pamakinapo, mudzitsekera panja.

Zulani waya wa netiweki ndi kuzimitsa Wi-Fi, lowani ndi pasiwedi yanu yakale, kenako bwezerani waya. Tsegulani PowerShell ngati Administrator:

```
Test-ComputerSecureChannel -Repair -Credential (Get-Credential)
```

Lembani akaunti yokhala ndi ulamuliro pa domeni. Ikayankha True, zatheka. Ikakana, onani DNS, imene imathandiza kompyuta kupeza seva ndi dzina, komanso wotchi. Muno mu Blantyre magetsi akathima, kompyuta imene batire lake laling'ono la wotchi latha imasokoneza nthawi, ndipo Kerberos, njira yotsimikizira olowa pa domeni, salola kuti nthawi ya kompyuta ndi ya seva zisiyane kopitirira mphindi 5.