Puloti kapena kubwereketsa boma: tiwerengere limodzi K6 miliyoni yanu

Anthu ambiri akagwira ndalama yochuluka nthawi imodzi, kaya ndi ya penshoni, ya soya kapena yotumiza mwana wa ku Joni, maganizo amathamangira ku puloti. Amati malo saola. Akunena zoona, ndipo amene anali ndi ndalama mu akaunti mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti itagwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, akudziwa chifukwa chake mawuwa amakoma. Koma musanalipire, khalani pansi ndi pepala muwerengere, chifukwa puloti imadya ndalama zina zomwe wogulitsa sakuuzani.

Tiyerekeze kuti muli ndi K6 miliyoni, ndipo mwapeza puloti ya mamita 15 kwa 30 kunja kwa mzinda wa Lilongwe, cha ku Njewa kapena ku Mpingu, ya K5 miliyoni. Mitengoyi ndi yongochitira chitsanzo, inu muikepo yanu. Miliyoni yotsalayo musaiwerengere ngati yanu. Ipita kwa saveya woyeza malo ndi kuika mabikoni, ku mapepala osinthira umwini, ku maulendo a ku maofesi, kulambula, mwinanso kakhoma kapena mitengo ya m'malire yoti anthu aone kuti pamalopo pali mwini. Ndiye kuti tsiku loyamba lomwelo mwatulutsa K6 miliyoni koma chomwe mwagwira n'cha K5 miliyoni.

Njira ina ndi kubwereketsa boma ndalama yomweyo pogula zikalata zomwe a ku banki amati tirezhare bilu. Banki Yaikulu ya Malawi imazigulitsa za masiku 91, 182 ndi 364, ndipo munthu wamba amatha kugula kudzera ku banki yake. M'chaka cha 2024 chiwongola dzanja cha zikalata za masiku 364 chinali cha m'ma 26 peresenti. Pa K6 miliyoni, phindu ndi K1,560,000. Tichotsepo msonkho wa 20 peresenti pa phindulo, womwe ndi K312,000, patsala K1,248,000. Pakutha pa chaka muli ndi K7,248,000.

Musafulumire kusekerera. Chaka chomwecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti kapena kupyola pang'ono. Katundu amene mukanagula ndi K6 miliyoni tsopano akufuna K7,800,000, ndiye kuti ndalama yanu yachuluka pa pepala koma yaperewera ndi K552,000 pa msika. Aliyense wokuuzani za chiwongola dzanja osatchula msonkho ndi kukwera kwa mitengo wakuuzani nkhani yatheka. Nanga ndalama yongogona mu akaunti wamba? Iyo ndiye imasungunuka ngati mchere pamvula.

Tsopano puloti ija ifanane bwanji ndi K7,248,000? Tinene kuti wokupezerani wogula atenga 5 peresenti. Muyenera kugulitsa pa K7,630,000, kutanthauza kuti malo a K5 miliyoni akwere ndi 53 peresenti m'chaka chimodzi. Zimenezi sizichitikachitika. Choncho ngati ndalamayo muifuna pasanathe zaka ziwiri, monga ya fizi ya mwana amene ali folomu 3 ndipo mukuyembekeza kuti apita ku koleji, puloti si malo ake. Pamwamba pa masamuwo, puloti sigulitsika tsiku lomwe mwaifuna. Wogula akangoona kuti muli ndi wodwala m'chipatala amakutsitsani mtengo mpaka mumve chizungulire, ndipo simungadule kangodya kamodzi kuti mulipirire mankhwala. Zikalata za boma mungazigawe: zina za masiku 91, zina za 364, kuti ndalama izibwera nthawi zosiyana.

Pa zaka zisanu nkhani imasintha. Mukamabwezera phindu lonse chaka ndi chaka, chiwongola dzanja n'kukhala chomwecho (chinthu chomwe palibe angakulonjezeni, poti chimakwera ndi kutsika), K6 miliyoni ifika cha m'ma K15.4 miliyoni. Puloti iyenera kugulitsidwa cha m'ma K16.2 miliyoni, kuposa katatu mtengo wogulira. Kodi n'zotheka? Kumene kwadutsa msewu wa tala, mapolo a magetsi ndi mipope ya madzi, zimatheka ndithu. Kumene kuli thengo ndipo oyandikana nawo onse angogula n'kusiya ngati inu, mukhoza kudikira mpaka imvi. Choncho musafunse wogulitsa kuti malo akukwera bwanji. Funsani amene anamanga kale pafupi kuti anagula liti, pa ndalama zingati, ndipo puloti yomaliza kugulitsidwa inapita pa zingati, osati mtengo womwe mwini ankatchula.

Vuto lalikulu la puloti si mtengo, ndi umwini. Chikalata cha boma chingakupatseni phindu lochepa, koma sichigulitsidwa kwa anthu atatu. Madobadoba amatero ndi malo. Ngati malowo ali ndi lizi, tengani nambala yake mukafufuze ku kaundula wa malo ku Unduna wa za Malo, muone ngati dzina lolembedwa ndi la munthu amene akukugulitsaniyo, komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Werengani lizi yonse. Kawirikawiri mumakhala lamulo loti mumange mkati mwa nthawi yoikika, ndipo pali msonkho wa malo wa chaka ndi chaka. Wongogula n'kukhala osamanga angathe kulandidwa. Ngati ndi malo a m'mudzi, kalata ya amfumu yokha musaidalire. Malo ambiri otere ndi a banja, ndipo kuno kwa Achewa mwini mbumba ndi alongo ake akapanda kuvomereza, mlandu umadzauka inu mutafika pa lintala. Onse oyenera asaine pamaso pa mboni, ndalama idutse ku banki kuti pakhale umboni, kenako yambani msanga zolembetsa malowo m'dzina lanu. Pitaninso ku khonsolo mukaone mapu, kuopa kugula pamene adzadutsitse msewu kapena pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi.

Ndipo kaoneni malowo mu Febuluwale, osati mu Okutobala. Dambo limadzibisa m'chilimwe.

Za masheya ndinene mwachidule. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre, umene unayamba malonda mu 1996, mungagule kagawo ka makampani monga Illovo, TNM kapena Airtel kudzera kwa buloka wovomerezeka, yemwe ndi mkhalapakati wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya. Masheya amatha kukwera kuposa mitengo ya zinthu, amathanso kugwa, ndipo ena amatenga masiku kuti apeze wogula. Ikanimo ndalama yomwe simuifuna kwa zaka zingapo, ndipo musaunjike pa kampani imodzi. Wina akakulonjezani 30 peresenti pa mwezi, funsani chiphaso chake cha ku Banki Yaikulu. Mudzaona nkhani ikusintha.

Pali munthu mmodzi amene sindimuwerengera masamu onsewa: amene akukhala m'nyumba ya lendi ndipo ali ndi njira yomangira m'zaka ziwiri kapena zitatu. Ngati mumalipira K150,000 pa mwezi, ndi K1,800,000 pa chaka, yoposa phindu la zikalata lija, ndipo idzasiya kutuluka tsiku lomwe mudzalowe m'nyumba yanu, ngakhale ya zipinda ziwiri yosapaka pulasitala. Kwa inuyo gulani puloti ya mapepala abwino, koma yotsika mtengo kuposa ndalama yomwe muli nayo, mwina ya K4 miliyoni. Yotsalayo, mutachotsa za saveya ndi mapepala, ikani ku zikalata za masiku 91 kuti izidikira njerwa ndi simenti ya maziko mvula ikatha.