Mawu a pansi pa vidiyo: yambani mwawerenga malo, kenako mumasulire

Ambiri amene angoyamba kulemba mawu a pansi pa vidiyo amalakwitsa pa chiyambi penipeni. Amamvetsera chiganizo, nkuchimasulira chonse liwu ndi liwu, kenako poona kuti chatalika amayamba kuchidula kumapeto mpaka chikwane. Chotsala pamenepo chimakwanadi pa mzere, koma kawirikawiri sichinenanso zimene wolankhula amatanthauza. Ine ndimalangiza kuti ntchitoyi muziyiyambira kwina. Dziwani kaye kuchuluka kwa zilembo zimene muli nazo, mudzifunse chimene wolankhula akuchita ndi mawu akewo, ndipo mukatero mulembe chiganizo chatsopano cha m'Chichewa chokwana m'malo amenewo.

Malo amawerengedwa ndi nthawi. Munthu wamkulu akamaonera kanema amawerenga bwino zilembo pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo ana amafuna zochepa, pafupifupi 13. Malire amenewa ndi amene Netflix imapereka kwa omasulira a zinenero zambiri, pamodzi ndi lamulo lakuti mzere usapitirire zilembo 42, mizere isapitirire iwiri, ndipo mawu asakhale pa kanema kupitirira masekondi 7. Powerenga zilembo mumaphatikiza mipata ya pakati pa mawu ndi zizindikiro zopumira. Choncho ngati munthu walankhula kwa masekondi atatu, muli ndi zilembo 51 basi. Mapulogalamu monga Subtitle Edit ndi Aegisub amakuwerengerani okha zilembo za pa sekondi pa malo olembedwa CPS, ndipo nambalayo ikakwera kwambiri amakuchenjezani ndi mtundu wofiira. Pa vidiyo yoimirira ya pa foni mzere wa zilembo 42 sukwana nkomwe pokhapokha zilembozo muzichepetse mpaka kuvutitsa maso, ndiye kumeneko mizere iyenera kufupikirapo.

Tiyeni titenge kavidiyo kamodzi tikaone bwinobwino. Ndi ka m'Chingerezi. Mayi wina wachikulire walowa mu ofesi ya mkulu wake wa pa ntchito kudzapempha kuti amupatsiretu gawo la malipiro mwezi usanathe. Mkuluyo ndi bambo wachinyamata. Akuyang'ana pa mapepala, akupukusa mutu, ndipo kwa masekondi atatu akuyankha mawu amene mukawatsata limodzi limodzi amatuluka chonchi: "Taona, ndikanakonda kukuthandiza, ndikanakondadi, koma manja anga ndi omangidwa."

Chiganizo chimenechi chili ndi zilembo 80. Pa masekondi atatu, ndiye kuti woonera aziwerenga zilembo pafupifupi 27 pa sekondi, zimene ndi zosatheka ngati akufunanso kuona nkhope za anthuwo. Wodula kumutu amatsala ndi "Koma manja anga ndi omangidwa." Izi ndi zilembo 30, pulogalamu sidandaula. Koma taganizani munthu amene sadziwa Chingerezi. Akuwerenga kuti manja ndi omangidwa, pomwe pa kanema akuona bambo uja atagwira cholembera, manja ali bwinobwino. M'Chingerezi amenewa ndi mawu okuluwika otanthauza kuti munthu alibe mphamvu yochitira kanthu chifukwa pali wina kapena china chomuletsa. M'Chichewa ena angawamve choncho, ena ayima kaye kuti aganize, ndipo pa masekondi atatu nthawi yoyima kulibe.

Wina amathawira mbali inayo, nkulemba kuti "Sindingakuthandize." Zilembo 19, tanthauzo lalikulu lafika, pempho lakanidwa. Komabe apa mwasintha munthu. Bambo wa mu vidiyo akukana mochita manyazi, akudzichotsa pa mlandu, akufuna mayiyo adziwe kuti vuto si iye. Bambo wa m'mawu anu a pansi ndi wouma mtima. Ngati nkhaniyo kutsogolo idzaonetsa bamboyu akuyesetsa mwamseri kumuthandiza mayi uja, oonera adzadabwa kuti kusinthaku kwachokera kuti.

Ndiye funso loyenera ndi lakuti, kodi ndi mawu amenewa bamboyu akuchita chiyani? Akuchita zinthu zitatu: akukana, akuonetsa kuti mtima wofuna kuthandiza ulipo, ndipo akuloza chomuletsa. Zitatuzi ndizo katundu woti awoloke. Liwu loti "taona" ndi loyambira chabe, ndipo kubwereza kuti "ndikanakondadi" kukumveka kale m'mawu ake ndi pa nkhope yake. Apa Chichewa chimatithandiza kwambiri, chifukwa liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa. "Ndikanakuthandiza" lanena kale kuti ndimafuna koma sizitheka. Tikhoza kulemba kuti "Ndikanakuthandiza ndithu, koma lamulo likundiletsa." Mukawerenga mupeza zilembo 51, ndendende malire athu.

Tisanasangalale, tionerenso kavidiyo kaja. Wopemphayo ndi mayi wachikulire, woyankha ndi wamng'ono kwa iye. Chingerezi chimagwiritsa liwu limodzi lomwelo kwa mwana ndi kwa wamkulu, koma ife tiyenera kusankha pakati pa iwe ndi inu, ndipo kusankhako kumachokera pa zimene maso akuona ndi ubale wa anthuwo. Bamboyu sangamutchule mayi ameneyu kuti iwe pokhapokha nkhaniyo ikufuna kumuonetsa wamwano. Tiyenera kulemba "Ndikanakuthandizani", ndipo zilembo ziwiri zowonjezerazo zatipititsa pa 53. Pano ndaona anthu ambiri akutaya ulemu kuti nambala ikwane. Musatero. Chotsani "ndithu", amene ntchito yake nkhope ya bamboyo ikuigwira kale. Mu fayilo ya SRT, imene imasunga mawu a pansi ndi nthawi yake, zikhala motere:

```
7
00:00:21,000 --> 00:00:24,000
Ndikanakuthandizani,
koma lamulo likundiletsa.
```

Zilembo zatsika kufika pafupifupi 46, kutanthauza 15 pa sekondi, ndipo woonera ali ndi mpata wokweza maso nkuona bamboyo akupukusa mutu. Onaninso pamene mzere wathyokera. Wathyokera pa mpumiro, pamene munthu polankhula angapume. Mukathyola pakati pa "koma" ndi "lamulo", kapena pakati pa dzina ndi liwu lolifotokoza, diso limapunthwa ngakhale zilembo zili zochepa.

Pali chenjezo limodzi pa liwu loti "lamulo". Bamboyo sanalitchule, taliika ife. Ndi lololedwa ngati penapake mu vidiyomo zadziwika kuti kampaniyo ili ndi lamulo loletsa kupereka malipiro mwezi usanathe. Koma ngati nkhaniyo ikubisa dala chimene chikumuletsa, mwina kuti pamapeto tidzadziwe kuti amangonama, ndiye kuti mwaulula kapena mwapeka zimene mwini vidiyo sananene. Zikatero lembani "koma palibe chomwe ndingachite", mawu amene amasiya chifukwacho chili chophimbika monga momwe chinaliri. Nchifukwa chake simuyenera kumasulira mzere woyamba musanaonere vidiyo yonse mpaka kumapeto, ngakhale itakhala ya masekondi 40 okha.

Mayi uja akuyankha kwa sekondi imodzi ndi theka, ndiye tili ndi zilembo 25. Mawu ake powatsata ndi akuti "Zabwino kwambiri. Zikomo kwambiri." Izi ndi zilembo 34, zapitirira, koma vuto lalikulu si kutalika. Mayiyo sakuthokoza. Wakhumudwa, akunyamula chikwama chake, akutembenuka asanamalize nkomwe kulankhula. Womva Chingerezi akuzindikira kuwawidwako pa kamvekedwe ka mawu. Wowerenga Chichewa akhoza kuganiza kuti mayiyo wamvetsa ndipo wachoka mokondwa. Ine ndikanalemba kuti "Basi, ndamva." Ndi zilembo 13, mulibe liwu ngakhale limodzi lofanana ndi zimene ananena, koma aliyense wolankhula Chichewa akudziwa mtima wa munthu amene amayankha choncho akutuluka pakhomo. Wina angakonde kusunga "zikomo" kuti kunyodolako kuoneke, ndipo zingatheke ngati nkhope ya mayiyo ikuoneka bwino pa nthawiyo. Kamera ikakhala kumbuyo kwake, musadalire nkhope imene woonera sakuiona.

Kuchokera pa zitsanzo ziwirizi mukhoza kuona zimene zimachotsedwa popanda kuvulaza nkhani: mawu oyambira ndi odzazira, kubwereza, kuitana dzina la munthu amene tamudziwa kale, ndi chilichonse chimene chithunzi chikunena chokha. Munthu akaloza chitseko nkunena kuti mnzake atuluke pa chitseko chimenecho, "Tulukani" wakwana. Zimene simuyenera kuchotsa ndi kukana, manambala, nthawi, dzina likamatchulidwa koyamba, ndi liwu limene wina adzalibwereze kutsogolo. Kukana kumafuna diso lapadera, chifukwa m'Chichewa kumakhala m'kachidutswa kakang'ono ngati "si" kapena "sa", ndipo pofupikitsa mothamanga nkosavuta kusandutsa "musamwe" kukhala "mumwe". Pa vidiyo yophunzitsa za mankhwala kulakwitsa kotere kukhoza kupweteka munthu. Manambala aakulu alembeni ndi zizindikiro zake. "Zisanu ndi ziwiri" amadya zilembo 17, sekondi yathunthu, pomwe 7 ndi chilembo chimodzi.

Nthawi zina mukhoza kugula malo m'malo modula mawu. Wolankhula akamaliza ndipo palibe wina woyankha nthawi yomweyo, mawu a pansi akhoza kutsalira kwa theka la sekondi, zimene zimakupatsani zilembo zina 8. Koma chithunzi chikasintha nkupita pa malo ena, mawuwo achoke nacho limodzi, apo ayi woonera amayambanso kuwawerenga poganiza kuti ndi atsopano.

Mukamaliza, musadziyese nokha, chifukwa inu mukudziwa kale zimene zanenedwa ndipo diso lanu limangodutsa. Pezani munthu amene samva chinenero cha mu vidiyoyo, mumupatse foni, aonere kamodzi kokha popanda kuimitsa. Inu muziyang'ana maso ake. Ngati maso akhazikika pansi osakwera, mawu achuluka. Ngati chala chikupita kukabweza vidiyo, lembani sekondi imeneyo, pali mzere wothamanga kapena wosamveka. Akatha musamufunse ngati mawu anali bwino, chifukwa adzangovomera. Mufunseni kuti bambo uja ndi munthu wotani, ndiponso kuti mayi uja watuluka ali ndi mtima wotani. Akakuuzani kuti bamboyo ndi wankhanza kapena kuti mayiyo wathokoza, bwererani pa mizere iwiri ija.