Momwe mungasewerere bawo ndi makadi ndi anzanu amene ali kutali

Anthu amene ankakumana pakhonde madzulo kusewera bawo kapena kugawana makadi akabalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Joni, wina ku Mangalande, masewerawo angathe kupitirira pafoni kudzera pa tsamba la boardgamearena.com. Tsambali linayambira ku France mu 2010, ndipo limatseguka pafoni kapena pakompyuta popanda kuikamo pulogalamu ina iliyonse.

Poyamba, aliyense alembetse ndi imelo yake, asankhe dzina losewerera, kenako atumize dzinalo kwa anzake kuti muikane pamndandanda wa mabwenzi. Zimenezi muchitiretu dzulo lake, chifukwa nthawi zonse pamakhala mmodzi amene waiwala mawu ake achinsinsi ena onse atakhala kale pansi. Kulembetsa n'kwaulere. Masewera ena ndi a Premium, kutanthauza kuti amene akutsegula tebulo ayenera kukhala wolipira, koma anzake amene wawaitana amalowa osalipira kanthu.

Kenako sankhani masewera. Ngati muli awiri, fufuzani dzina loti Bao la Kiswahili, lomwe ndi bawo wa ku Zanzibar, wa mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu ndi nkhomo 64. Katswiri wa kwathu kuno asalowe modzidalira, popeza kayalidwe kake n'kosiyana pang'ono: m'nyumba mumayamba ndi nkhomo 6 ndipo m'manja mumatsala 22, pomwe bawo wa ku Malawi amaika 8 m'nyumba n'kutsala ndi 20. Kusiyana kwa nkhomo ziwiriko kumasokoneza mayendedwe oyamba amene munthu anawaloweza pamtima, choncho ndi bwino kuwerenga maenje modekha m'masewera awiri kapena atatu oyambirira. Ngati muli anayi ndipo mwasowa makadi, yambani ndi Hearts, momwe aliyense amayesetsa kupewa kutola makadi a mtima.

Chinthu chimene chimaononga madzulo ambiri ndi kasankhidwe ka nthawi, ndipo apa ndi pamene wotsegula tebulo ayenera kusamala. Mukasankha Real-time, nonse muyenera kukhalapo nthawi imodzi, ndipo aliyense amakhala ndi wotchi imene imatha pamene akuganiza. Wotchiyo siidziwa kuti magetsi azima kapena kuti bandulo yatha. Ikadutsa malire, anzanu amapatsidwa mwayi wokuchotsani, ndipo tsambalo limakutsitsani mbiri ngati munthu wothawa masewera, zomwe zimachititsa kuti matebulo ena a anthu achilendo akukaneni. Mukasankha Turn-based, aliyense amasewera pamene wapeza mpata, mwachitsanzo kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo amalandira uthenga ikafika nthawi yake. Kwa mabwenzi enieni ine ndimakonda Friendly mode, chifukwa mulibe wotchi yothamangitsa munthu komanso zotsatira zake sizikhudza mulingo wa wosewera aliyense.

Tiyerekeze kuti anthu anayi agwirizana kusewera Hearts Loweruka nthawi ya 8 koloko usiku ya ku Malawi. Wa ku Joni alibe vuto, popeza nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu chaka chonse. Wa ku Mangalande ndiye ayenera kuuzidwa momveka: kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala kwa iye imakhala 7 koloko, koma miyezi yotsalayo imakhala 6 koloko, mwina asanaweruke n'komwe. Itatsala pang'ono kukwana nthawiyo, mmodzi atsegule tebulo, asankhe Friendly mode, aitane atatuwo ndi maina awo, ndipo aonetsetse kuti tebulolo ndi la mabwenzi okha, kupanda kutero mpando wa mnzanu wochedwa udzatengedwa ndi mlendo wa dziko lina.

Pomaliza pa kukonzekera, imbiranani pagulu pa WhatsApp masewera asanayambe, chifukwa chimene munkachikonda pakhonde paja chinali kunyogodolana ndi kuseka, osati makadi okha. Valani zomvera za m'makutu kuti mawu asamabwererane, ndipo kamera muizimitse, popeza kanema ndi amene amadya bandulo kwambiri kuposa masewerawo.

Mukaona kuti mnzanu wakhala chete pafoni ndipo khadi lake silikutuluka, dziwani kuti netiweki yamuthawa, choncho mudikireni. Iyeyo ikabwerera angotsegulanso tsambalo, ndipo adzapeza makadi ake ali momwe anawasiyira, chifukwa masewerawo amasungidwa pa tsambalo osati m'foni mwake. Ngati zimenezi zikuchitika Loweruka lililonse kwa munthu yemweyo, tebulo lotsatira mulitsegule pa Turn-based, mugwirizane zokumana usiku monga mwa nthawi zonse, kuti magetsi akazima pakati pa masewera mudzamalize Lamulungu.