Akati ntchito yanu yalembedwa ndi makina, mudzawaonetsa chiyani?

Ndikulemba izi ndili ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo ndikulembera inu abale anga amene muli ku Joni, ku Kepitawuni, ku Ulaya ndi kwina konse, amene mumapezako ndalama polembera anthu nkhani zapaintaneti mukaweruka kuntchito. Inenso ndinayambira komweko. Ndinakhala ku Joni zaka zingapo, masana kugwira ntchito m'sitolo, usiku kulemba. Mayi atadwala ndinabwerera kumudzi, koma makasitomala ndinabwera nawo m'laputopu. Kunoko ndi kumene ndinaluzira madola 360, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ntchito inabwera kudzera mwa ejenti, uja amaima pakati pa wolemba ndi mwini webusaiti. Zinali nkhani 6 za mawu 1,500 iliyonse, pamtengo wa madola 60 nkhani imodzi, malipiro kumapeto zonse zikatha. Ejentiyo anatsegula madokumenti ake mu Google Docs n'kunditumizira maulalo kuti ndizilemba momwemo. Koma inali nyengo yamvula, magetsi akuzimazima, bandulo nayonso yosachedwa kutha. Ndiye ndinkalembera mu Word popanda netiweki. Ndime zina ndinazilemba pafoni ndili pabenchi kuchipatala podikira mayi, zina m'kope ndi bolopeni. Laputopu ndinkakaitchajira kubabashopu ya mnzanga pafupi ndi msika. Nkhani ikatha, ndinkayatsa data, kukopa yonse, kuimata mu dokumenti ya ejenti, n'kuzimitsa.

Nditapereka yachisanu ndi chimodzi, panadutsa masiku anayi kuli zii. Kenako kunabwera uthenga wa mizere iwiri ndi chithunzi cha sikirini pomwe panalembedwa "87% AI". Akuti mwini ntchito wakana, ndipo iwo salipira zolembedwa ndi makina. Ndinayankha mwaulemu kuti chonde onani mbiri ya dokumentiyo, yomwe imaonetsa zomwe zinalembedwamo ndi nthawi yake. Anaiona, n'kunditumizira chithunzi china: tsamba lopanda kanthu, kenako mawu 1,500 kugwa nthawi imodzi, mphindi imodzi. Anati palibe munthu angalembe chonchi. Ndinatumiza mafayilo anga a Word, iwo anati fayilo aliyense angathe kuipanga lero lomwe. Ndinapempha kuti tiimbirane pavidiyo ndiwafotokozere nkhani iliyonse ndime ndi ndime, osayankha. M'mawa mwake maulalo onse asanu ndi limodzi anali atatsekedwa, chifukwa madokumenti anali awo. Patapita milungu itatu ndinapeza nkhani ziwiri mwa zomwezo zili pawebusaiti, atasintha mitu yokha. Mwezi umenewo mankhwala a mayi ndinagula ndi ngongole, ndipo ngongoleyo inanditengera miyezi iwiri kubweza.

Musaganize kuti poti mumalemba nokha ndiye sizingakugwereni. Mapulogalamu ofufuza ngati nkhani yalembedwa ndi makina saona amene anakhala pakiyibodi. Ambiri amayeza ngati mawu akutsatana m'njira yosavuta kuilosera, n'kupereka peresenti. Tsono ife Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, chija cha galamala yowongoka ndi mawu osankhidwa mosamala, ndipo chimenecho ndi chomwe amachikayikira. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 otere pa zolemba 91 za mayeso a Chingerezi a TOEFL, zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Mapulogalamuwo, powaphatikiza, ananena kuti pafupifupi 61 pa 100 iliyonse n'zamakina, pomwe zolemba za ana asukulu a ku Amereka anazizindikira bwino pafupifupi zonse. Chaka chomwecho, mu Julaye, kampani ya OpenAI inatseka pulogalamu yake yofufuzira ponena kuti siinkalondola mokwanira. Zimenezi muziwauza makasitomala, koma musayembekezere kuti zidzakulipiritsani. Ine ndinawauza. Munthu amene akufuna kukana kulipira safuna phunziro, amangogonja mukamuikira umboni pamaso.

Ndiye chinthu chachikulu ndi ichi, ndipo ngati muiwale zina zonse ichi musaiwale: lembani mu dokumenti yanuyanu, ya pa akaunti ya dzina lanu, kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza. Osati ya ejenti. Osati ya pa akaunti ya sukulu kapena ya kuntchito, chifukwa tsiku lomwe mudzachoke kumeneko adzaitseka pamodzi ndi zonse zili m'katimo. Ndiponso osati ya msuweni wanu. Ndikudziwa kuti ambiri kunjako mumagwiritsa ntchito akaunti ya m'bale yemwe mapepala ake ali bwino, koma mbiri ya dokumenti imaonetsa dzina la akaunti yomwe inalemba. Mudzati ndinalemba ndine, sikirini ikunena dzina lina. Pamenepo mwadzimanga nokha.

Mu Google Docs mbiriyo imapezeka pa File, kenako Version history, kenako See version history, kapena mungodina Ctrl+Alt+Shift+H pakompyuta ya Windows. Kumanja kumatuluka mndandanda wa masiku ndi maola, ndipo mukadina lililonse mumaona zomwe munawonjezera ndi zomwe munafufuta. Pomwepo pali Name current version. Ine masiku ano ndimatchula dzina katatu pankhani iliyonse: ndikamaliza mafupa a nkhani, ndikamaliza kulemba koyamba, ndi pamene ndikupereka. Wa Word asunge fayilo pa OneDrive, kumeneko nakonso kuli Version History.

Koma tamverani misampha yake, chifukwa ndi imene imagwetsa anthu. Mukadina Make a copy, dokumenti yatsopanoyo imabadwa yopanda mbiri. Mukaitsitsa ngati fayilo ya Word kapena PDF, mbiri siipita nawo, imatsala mu dokumenti yoyamba ija. Choncho yoyambayo musaifufute, ngakhale mutalipidwa, ngakhale malo atakuchepererani. Ine ndimasunga chaka chathunthu, chifukwa kasitomala amatha kubwera patapita miyezi atagula pulogalamu yatsopano yofufuzira n'kuyamba kuyeza ntchito zakale. Ndipo musampatse umwini wa dokumentiyo. Akafuna kuti nkhani ikhale m'dokumenti yake, palibe vuto, mateni mmenemo pomaliza, koma mumuuziretu polemba kuti ntchito yeniyeni ikuchitikira kwanu ndipo mbiri yake ilipo.

Msampha wina ndi wakuti munthu amene mwamupatsa Viewer kapena Commenter saona mbiri. Amaiona wa Editor yekha, ndipo wa Editor angathenso kusintha zolemba zanu. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuimbirana pavidiyo, ndionetse sikirini yanga, tidutse limodzi tsiku ndi tsiku. Mphindi khumi zimakwana. Kasitomala woona mtima akaona ndime yomwe munailemba katatu, chiganizo chomwe munachichotsa Lachiwiri n'kuchibwezera Lachitatu, nkhani imathera pomwepo.

Nanga netiweki ikavuta, kapena muli m'basi kuchokera kuntchito ndipo maganizo abwera? Lembani pomwe mungathe, koma musiye mapazi. Ngati mwalemba m'kope, jambulani tsambalo ndi foni tsiku lomwelo, kenako mulitaipe mu dokumenti ndi zala zanu. Ngati muli mu Word popanda data, musamasunge pamwamba pa fayilo yomweyo. Tsiku lililonse sungani yatsopano yokhala ndi deti m'dzina lake, ndipo mukangopeza netiweki dzitumizireni pa imelo. Apa ndi pamene ine ndinagwera. Ndinali ndi fayilo imodzi pankhani iliyonse, yomalizidwa, yosalala. Ndikanakhala ndi mafayilo anayi osamaliza, aliyense ali mu imelo ya tsiku lake, bwenzi ndili ndi choonetsa, chifukwa deti la imelo simuliika nokha. Kwa inu a ku Joni imelo ili ndi phindu linanso lomwe simufuna kuti ndikufotokozereni: foni ndi laputopu zimatha kubedwa tsiku limodzi.

Zofufuza zanu muzisunge mufoda imodzi ndi nkhaniyo: maulalo omwe munawerenga, malangizo a kasitomala, ndi mawu ojambulidwa ngati munacheza ndi munthu, mutamupempha kaye chilolezo.

Tsono zamalipiro, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Lekani manyazi. Timaopa kufunsa mafunso ati kasitomala angathawe, ndiye timavomera chilichonse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene. Musanalembe ngakhale mutu, mufunseni polemba, pa imelo kapena m'bokosi la mauthenga la pomwe mwapezana, osati pafoni: kodi mumayeza ntchito ndi pulogalamu yofufuza? Ikanena kuti n'zamakina, kodi mbiri ya dokumenti ndi kuimbirana mudzazilandira ngati umboni? Nanga nkhani yomwe mwaikana, mukuvomera kuti simudzaigwiritsa ntchito? Funso lachitatuli ndi limene limaonetsa mtima wa munthu. Amene wazemba kuliyankha, musiyeni, ngakhale lendi ikukudikirani. Ndipo musadzavomere kulemba nkhani 6 malipiro kumapeto. Imodzi ilipidwe, kenako inayo. Ndikanatero ndikanaluza madola 60, osati 360.

Mufunsenso za mapulogalamu okonza galamala. Kukonza sipelo ndi nkhani ina, koma ena mwa iwo masiku ano amalembanso chiganizo chonse mukangodina, ndipo makasitomala ena amawerengera zimenezo ngati ntchito ya makina. Akati ayi, zimitsani. Ndipo chonde, mukanamiziridwa musathamangire mapulogalamu aja olonjeza kusintha nkhani kuti "ioneke ya munthu". Munali wosalakwa, tsopano mwailowetsadi m'makina, ndipo mbiri yanu idzaonetsa nkhani yonse itasinthika kamodzin'kamodzi. Musayambenso kuika zolakwika dala kuti peresenti itsike. Mukuwononga dzanja lanu lomwe mumadyera.

Ena adzakuuzani kuti muike pulogalamu yojambula sikirini nthawi yonse yomwe mukulemba. Ine ndimakana. Laputopu yomweyo ndi imene mumatsegulira banki, kutumizira ndalama kumudzi ndi kusungira zithunzi za pasipoti ndi pemiti. Ngati ntchito ndi yaikulu ndithu, jambulani nokha gawo limodzi, zenera la dokumenti lokha, muonere kaye musanatumize.

Mbiri ya dokumenti ili ndi malire ake. Munthu wachinyengo angathe kutaipa pang'onopang'ono zomwe makina amulembera, ndipo makasitomala ochenjera akudziwa. Choncho pakuimbirana paja adzakufunsani chifukwa chomwe munayambira ndi mfundo iyi, kumene munatenga nambala ija, chomwe munachotsera ndime yachitatu. Musanaimbe, werenganinso nkhaniyo pamodzi ndi zofufuza zanu. Mwezi watha kasitomala wina anandibwereranso ndi peresenti yake. Ndinamupempha mphindi khumi, ndinatsegula mbiri ya masiku atatu, ndinamuonetsa chithunzi cha tsamba la kope lomwe ndinalemba magetsi atazima, madontho a kandulo ali pakona. Anafunsa mafunso awiri. Ndalama inalowa Lachisanu lake.