Ngongole munamaliza kubweza koma akukudulanibe pa malipiro: momwe mungaimitsire

Ofesi yokonza malipiro kuntchito kwanu siidziwa kuti ngongole yanu ku banki, ku SACCO kapena ku kampani yobwereketsa ndalama yatsala zingati. Iwo amangotsata chilolezo chomwe munasainira potenga ngongoleyo, ndipo amadulabe kufikira tsiku lomwe linalembedwa kapena kufikira wobwereketsayo atawauza kuti asiye. N'chifukwa chake vutoli limagwera kwambiri anthu amene amaliza ngongole nthawi isanakwane, kaya polipira yotsalayo pakamodzi kapena pamene kampani ina yaigula ngongoleyo. Kupita kwa abwana ndi mawu apakamwa n'kutaya nthawi. Yambani ndi amene anakubwereketsani.

Kumeneko pemphani mapepala awiri. Loyamba ndi sitetimenti yosonyeza ndalama zonse zomwe analandira kuchokera tsiku loyamba, ndipo pansi pake pazioneka kuti palibe chotsala. Lachiwiri ndi kalata yotsimikiza kuti ngongole inatha. Kalatayi ikhale pa pepala la kampani, yosainidwa ndi yodindidwa, ndipo itchule dzina lanu, nambala ya ngongole, nambala yanu ya kuntchito, tsiku lomwe ngongole inatha ndi ndalama yomwe amadula pa mwezi. Ikhalenso ndi chiganizo chouza olemba ntchito kuti asiye kudula. Lisiti la ku banki lokha silikwanira, chifukwa limangosonyeza kuti munalipira, osati kuti munamaliza.

Muiwerenge bwino sitetimentiyo musanachoke. Nthawi zambiri munthu amalipira ndalama yomwe anauzidwa sabata yatha, koma chiwongoladzanja cha masiku angapo chawonjezekapo, kapena pali mwezi wina womwe kuntchito anadula koma anatumiza mochedwa ndipo panabwera chindapusa. Ngakhale patatsala K3,000 yokha, ngongoleyo imaonekabe yotseguka ndipo dzina lanu limakhalabe pa mndandanda womwe amatumiza kwa olemba ntchito mwezi ndi mwezi.

Mukatenga mapepalawo, lembani kalata yaifupi yopita kwa mkulu woona za ogwira ntchito, ndipo kope lina lipite kwa akauntanti. Tchulani dzina la wobwereketsa monga momwe lalembedwera pa peyisilipi, ndalama yake, ndi mwezi womwe mukufuna kudulako kusiyike. Ngati muli ndi ngongole ziwiri ku kampani imodzi, nenani mwachindunji yomwe yatha, apo ayi angaimitse yolakwika. Phatikizanipo makope a kalata ya wobwereketsa, sitetimenti ndi mapeyisilipi a miyezi yomwe anadula mopyola. Mapepala enieniwo sungani nokha, ndipo amene walandira asaine ndi kulemba tsiku pa kope lanu.

Funsaninso tsiku lomwe amatseka kulowetsa zosintha pa malipiro a mwezi umenewo. Malo ambiri amatseka kudakali masiku angapo malipiro asanatuluke, choncho kalata yofika mochedwa imagwira mwezi wotsatira. Kwa ogwira ntchito m'boma njira imatalikirapo, popeza ofesi ya pa boma kapena ya ku unduna siyokhayo imene imakhudza malipiro. Aumirizeni obwereketsawo kuti nawonso akuchotseni pa mndandanda wawo, chifukwa dzina likatsalamo, kudula kumabwereranso ngakhale kuntchito ataimitsa.

Nanga zomwe adula kale? Tiyerekeze kuti ankadula K85,000 pa mwezi, munamaliza ngongole pa 10 Malichi, koma adulanso pa malipiro a Malichi ndi Epulo. Ndalama yanu ndi K170,000. Funsani akauntanti ngati anaitumiza kwa wobwereketsa. Ngati anatumiza, akupatseni umboni wa tsiku ndi nambala ya malipirowo, ndipo wobweza ndi wobwereketsayo. Ngati ya Epulo ikadali m'manja mwa olemba ntchito, iwowo ndiwo abweze K85,000, ndipo wobwereketsa abweze ya Malichi yokha. Apa ndi pomwe anthu amaponyedwa uku ndi uku kwa miyezi, aliyense akuloza mnzake, pomwe pepala limodzi losonyeza komwe ndalama inapita likanathetsa nkhani. Musavomere kuti ndalamayo aisunge kuti idzalowe pa ngongole ina yomwe simunapemphe.

Peyisilipi yotsatira ikatuluka kudula kukadalipo, lembaninso kalata yotchula tsiku la yoyamba ija. Ngati akuzengereza ndi olemba ntchito pomwe kalata ya wobwereketsa ali nayo, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imatha kupita ku khoti la Industrial Relations. Ngati wobwereketsa ndiye akukana kutulutsa kalata kapena kubweza ndalama, yambani mwadandaula molemba kwa oyang'anira kampaniyo, kenako tengerani dandaulolo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki, ma SACCO ndi makampani obwereketsa ndalama omwe ali ndi chiphaso. Pitani ndi makope a makalata onse omwe munalemba ndi mayankho omwe munalandira.