Momwe mungamasulire masikirinishoti a pa WhatsApp osasokoneza amene analankhula

Mwezi wathawu mchemwali wanga ananditumizira masikirinishoti 14 kuti ndimuikire mu Chingerezi. Nkhani yake ndi yoti anabwereketsa K300,000 kwa bambo wina amene amachita naye geni ya kaunjika, bamboyo wakhala akuzembazemba, ndiye loya amene akumuthandiza anati macheza awo a pa foni akhale mu Chingerezi poti mapepala a kukhoti kuno kwathu amayenda mu Chingerezi. Ine ndinkaona ngati ndi ntchito ya maminitsi 30 koma inandidyera tsiku lonse la Loweruka, ndipo pena ndinatsala pang'ono kumuika mchemwali wanga mawu mkamwa amene sanalankhule. Ndiye ndati ndilembe momwe ndinachitira.

Choyamba, musayambe kumasulira, yambani mwasanja

Anthu akamatumiza masikirinishoti amangowaponya mmene agwera, china cha Januwale china cha Malichi. Apatseni manambala, 1, 2, 3 mpaka kumapeto, potsata tsiku ndi nthawi. Nthawi imakhala pansi pa meseji iliyonse koma tsiku limangooneka pakati pa sikirini pamene tsiku latsopano layamba, ndiye zithunzi zambiri sizikhala ndi tsiku. Ndipo pamene palembedwa kuti "Today" kapena "Yesterday" musalembe deti ya lero, imeneyo ndi lero kapena dzulo la tsiku limene munthu anajambula. Mufunseni mwini foni atsegule chati akuuzeni deti yeniyeni.

Onaninso ngati meseji yomaliza ya chithunzi 3 ikuonekanso pamwamba pa chithunzi 4. Ikaoneka ndiye kuti palibe chadumphidwa, ndipo muilembe kamodzi kokha. Ikapanda kuoneka mwina pali mameseji ena pakatipo, lembani kuti apa pakhoza kukhala podumpha.

Ngati chati ikadali mu foni pali njira yachidule. Pa Android tsegulani chatiyo, dinani timadontho titatu pakona, kenako "More", kenako "Export chat", musankhe "Without media". Mupeza fayilo ya mawu okhaokha yomwe meseji iliyonse ili ndi deti, nthawi ndi dzina la wolemba. Ife izi sizinatheke chifukwa mchemwali wanga anasintha foni osasunga macheza, zithunzizi n'zomwe zinatsala.

Chachiwiri, chithunzichi chinajambulidwa pa foni ya ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa WhatsApp mameseji a kumanja, obiriwira aja, ndi a mwini foni imene chithunzi chajambulidwapo. A kumanzere ndi a winayo. Mwini foni, osati amene wakutumizirani chithunzi, anthu awiriwa si nthawi zonse amakhala munthu mmodzi.

Pa zithunzi 14 zija, 13 zinali za pa foni ya mchemwali wanga, ndiye ndinazolowera kuti kumanja ndi iye, kumanzere ndi bambo uja. Kufika pa chithunzi 9 ndikupeza kumanja kwalembedwa kuti "ndalama ija ndi 200 pin basi". Ndinalemba kuti wanena ndi mchemwali wanga, nditangolemba mtima unandigunda, iye anganene bwanji 200 pamene akulira 300? Kuyang'ana pamwamba pa chithunzi, dzina lomwe lili pamenepo ndi la mchemwali wanga yemweyo. Kani chithunzicho anajambula ndi bambo uja pa foni yake n'kumutumizira pokangana. Ndikanachisiya choncho pepala likanaonetsa kuti mchemwali wanga wavomera yekha kuti ngongole ndi K200,000.

Ndiye pa chithunzi chilichonse, chilichonse ndithu, onani zinthu ziwiri. Dzina kapena nambala imene ili pamwamba ndi ya munthu wa kumanzere, mwini foni dzina lake silioneka pamwamba pa chati ya iye ndi mnzake. Kenako onani timatiki, timakhala pa mameseji a mwini foni okha. Kamodzi ndiye kuti yatumizidwa, tiwiri totuwa yafika, tiwiri ta buluu yatsegulidwa. Koma musalembe kuti munthu sanawerenge chifukwa matiki ndi otuwa, ena amazimitsa za buluuzo.

Mu gulupu zimavutirapo. Dzina limaoneka pa meseji yoyamba yokha munthu akalemba zingapo motsatizana, ndiye chithunzi chikadulidwa pamwamba mumatsala ndi meseji yopanda mwini. Musaganizire, lembani kuti wolemba sakuoneka. Dzina loyamba ndi kachizindikiro ka ~ ndi limene munthuyo anadzilembera yekha, mwini foni sanamuseve, ndiye lilembeni momwe lililimo pamodzi ndi nambala ngati ikuoneka.

Chachitatu, mawu a munthu wina mkati mwa meseji

Munthu akayankha meseji mwachindunji pamabwera kabokosi pamwamba pa yankho lake, mkatimo muli mawu amene akuyankhawo. Mawu amenewo si ake. Mukaona "You" m'kabokosimo ndiye kuti mawuwo ndi a mwini foni. Pomasulira lembani kuti uyu akuyankha meseji yakutiyakuti, kenako yankho lake palokha, musaziphatikize.

Chimodzimodzi pamene palembedwa "Forwarded", munthuyo wangopititsa, sanalembe ndi iye. Bambo uja anapititsa meseji ya munthu wina yoti katundu wagwidwa pa boda, ndinalemba kuti iyi ndi yopititsidwa ndipo mwini wake sakudziwika. Za "This message was deleted" ndi "Edited" musazidumphe, zilembeni pamalo pake. Voisi nayo lembani kuti apa pali voisi ya masekondi 42, chithunzi sichilankhula, ngati mukufuna zili mkatimo pemphani voisiyo mumvetsere.

Chachinayi, "abweretsa" ndi ndani?

Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mneni, komanso munthu mmodzi wolemekezeka timamutchula ngati ambiri. Bambo uja analemba kuti "anena kuti abweretsa Lachisanu". Ndani? Mkazi wake, bwana wake, kapena anthu angapo? Chingerezi chimakukakamiza kusankha pakati pa "he", "she" ndi "they", ndipo ukasankha molakwika walowetsa munthu mu nkhani yomwe mulibemo. Bwererani mmbuyo muone amene watchulidwa komaliza. Mukamupeza zili bwino, mukapanda kumupeza lembani "they" n'kuikapo ndemanga yoti Chichewacho sichikuonetsa kuti ndi ndani. Mchemwali wanga ankati ndi mkazi wake ameneyo ndikudziwa, ndinamuuza kuti zimenezo akamuuze loya ndi pakamwa pake, ine ndilemba zomwe zili pa chithunzi.

Chachisanu, kamvekedwe

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Amafuna Chingerezi chimveke chapamwamba ndiye munthu amene amakalipa akumveka ngati akulemba kalata ya ku ofesi. Kapena poti wokhudzidwayo ndi m'bale wako, mawu a winayo umawathira tsabola. Zonse ziwiri ndi kunama.

Taonani za inu ndi iwe. Kuyambira chithunzi 1 mpaka 10 bambo uja ankalemba kuti "mayi musadandaule, ndikupatsani". Pa chithunzi 11 mwadzidzidzi "iwe usandivute wamva". Mchewa aliyense akawerenga adziwa kuti apa ulemu watha, koma mu Chingerezi zonsezo ndi "you" mmodzi yemweyo. Ndiye Chingerezi cha mzere umenewo chikhale chachifupi ndi chokalipa, musaikemo "please" amene mulibe, ndipo pambali lembani kuti apa wasiya inu wayamba iwe.

Mawu ena amaoneka ofewa koma ali ndi msampha. "Ndamva" sikuti ndavomera, munthu atha kumva osagwirizana nazo, ndiye musalembe "I agree". "Tiona" si lonjezo, pamene "uona" kapena "udzandiona" munthu atapsa mtima ndi kuopseza. "Ndibweza" ndi za pompanopompano, "ndidzabweza" ndi za mtsogolo mosadziwika liti, ka -dza- kameneko pa nkhani ya ngongole ndi kolemera. "Basi zikomo" amene mchemwali wanga analemba atadikira milungu itatu sikunali kuthokoza, kunali kutopa. Ndinamasulira mawuwo mmene alili n'kulemba ndemanga pambali, sindinawasinthe.

"kkkk" musamuchotse, lembani kuti akuseka, ndipo maimoji akopereni momwe alili pamalo pomwepo, chifukwa "ndikumanga" wokhala ndi kankhope koseka ndi wosiyana ndi wopanda kanthu. Zilembo zikuluzikulu zikhale zikuluzikulu, mafunso atatu ??? akhale atatu. Munthu akalemba mameseji asanu afupiafupi pa miniti imodzi musawalumikize kukhala chiganizo chimodzi chokongola, kudukaduka kumeneko ndi kumene kukuonetsa kuti mtima unali m'mwamba. Zidule ngati "kt", "ndy", "zkm" zimasulireni monga kuti, ndiye, zikomo. Ndalama za mu msewu, "200 pin" ija, lembani momwe analembera kenako fotokozani kuti pini imodzi ndi K1,000. Mawu amene munthu analemba kale mu Chingerezi asiyeni choncho ngakhale sipelo yake ndi yolakwika. Zotukwana nazo zimasuliridwe, ndikudziwa zimachititsa manyazi makamaka ukamalembera munthu wamkulu, koma ukazichotsa wamuyeretsa munthu amene sanadziyeretse.

Chachisanu ndi chimodzi, kalembedwe kake

Meseji iliyonse ikhale ndi nambala ya chithunzi, nthawi, wolemba, mawu enieni a Chichewa, Chingerezi chake, ndipo ndemanga yanu ikhale pa mzere wake kuti wowerenga asaiyese mawu a munthuyo. Anthuwo apatseni zilembo, A ndi B, mufotokoze pamwamba kuti A ndi ndani B ndi ndani, zilembozo zisasinthe ngakhale chithunzi chitembenuke ngati 9 uja. Mwachitsanzo:

```
11 | 19:42 | B
iwe usandivute wamva
Don't bother me, you hear
```

Pansi pake ndemanga ya iwe ndi inu ija, mu Chingerezi poti wowerengayo ndi amene sadziwa kusiyana kwake.

Mukamaliza werengani mameseji a pa chithunzi chilichonse, muwerengenso a pa pepala lanu, manambala afanane. Ine pa chithunzi 6 ndinapeza 9 pa sikirini koma 8 pa pepala, ndinali nditadumpha ka "ok" kamodzi, ndipo kanali ka bambo uja poyankha meseji yotchula K300,000. Kenako mupatseni munthu wina wodziwa zilankhulo zonse ziwiri awerenge Chingerezi chokha osaona zithunzi, akuuzeni amene akumveka wokwiya ndi amene akupepesa, mufananize ndi zomwe Chichewa chikunena.

Ngati pepalalo likupita kukhoti kapena ku ofesi ya ma viza funsani kaye ngati akulandira zomasulira za m'bale, nthawi zambiri amafuna munthu wapadera amene alembe dzina lake, deti ndi kusayina kuti wamasulira molondola. Loya wa mchemwali wanga anatenga langa ngati poyambira, ndipo anapempha zithunzi zonse 14 zosadula ndi zosalembapo kanthu kuti aziike pambali pa pepalalo.