Kayendetsedwe ka mafunso pa msonkhano waukulu wa Zoom

Malangizo awa ndi a wocititsa msonkhano, amene pa sikirini amachedwa Host, ndi womuthandiza wake, Co-host. Msonkhano ukakhala wa anthu oposa 30, kunena cabe kuti "amene ali ndi funso akambe" kumabweretsa cipwirikiti: atatu amayamba kukamba nthawi imodzi, onse amasiya, kenako onse amayambanso. Zoom ili ndi zida zitatu zothetsera zimenezi, ndipo ciliconse cili ndi nchito yake. Voti imasankha nkhani yoti ikambidwe, dzanja lokweza limaika anthu pamzere, ndipo tizizindikiro timakuuzani ngati yankho lamveka. Mavuto ambiri amayamba cida cimodzi cikapatsidwa nchito ya cinzake.

Msonkhano usanayambe

Lowani mu akaunti yanu pa webusaiti ya Zoom, pitani ku Settings, muyatse Meeting Polls/Quizzes, Non-verbal feedback ndi Meeting reactions. Mavoti amafuna akaunti yolipira. Lembani mafunso a voti pasadakhale pa msonkhano umene munaukonza kale, cifukwa kulemba anthu ali kudikira kumadya nthawi ndipo zolakwa za kalembedwe zimaonekera kwa onse.

Msonkhano ukayamba, tsegulani Participants, dinizani Mute All, ndipo cotsani cizindikiro pa Allow participants to unmute themselves. Mukapanda kucita ici, mzere wa manja sugwira nchito, pakuti olimba mtima adzangotsegula maikolofoni n'kulowerera. Sankhaninso Co-host mmodzi amene nchito yake ikhale kuyang'ana mndandanda wa anthu basi. Munthu amene akuyankha funso sangathe kuyang'ananso manja.

Kukweza dzanja

Wofunsa adinize Reactions, kapena React pa Zoom yatsopano, kenako Raise Hand. Pa kompyuta ya Windows njira yacidule ndi Alt+Y, pa Mac ndi Option+Y. Amene walowa mwa kuimba foni, wopanda pulogalamu, adinize *9 kuti akweze dzanja, ndi *6 kuti atsegule kapena kutseka maikolofoni.

Okweza manja amakwera pamwamba pa mndandanda wa Participants motsatira amene anayamba kukweza. Wapamwamba ndiye woyamba. Nthawi yake ikafika, dinizani Ask to Unmute pa dzina lake. Dziwani kuti simungamutsegulire maikolofoni inu nokha. Iye amalandira uthenga ndipo ayenera kuvomera. Conco mutchuleni dzina kaye, mumupatse masekondi pang'ono, ndipo mutchuliretu wotsatira kuti akonzeke. Akatsiriza, womuthandiza adinize Lower Hand pa dzina lake pomwepo. Musadalire kuti munthuyo atsitsa yekha. Ambiri amaiwala, ndipo dzanja lotsala limakhalabe pamwamba pa mzere. Mudzadziwa kuti zatero mukaitana munthu iye n'kuyankha kuti "ayi, ndafunsa kale".

Cenjezo limene anthu ayenera kuuzidwa poyamba: amene watsitsa dzanja n'kulikwezanso amapita kumapeto kwa mzere. Ena amacita zimenezi poganiza kuti simunawaone. Cimodzimodzi amene netiweki yamudula n'kulowanso, dzanja lake limatsika ndipo malo ake amatayika. Womuthandiza azilemba papepala maina asanu oyamba, kuti munthu wotere akabwerera abwezeredwe malo ake.

Manja akaculuka kuposa nthawi

Tiyerekeze kuti muli ndi anthu 120, mwatsiriza kufotokoza dongosolo latsopano la kagwiridwe ka nchito, ndipo mwatsala ndi mphindi 20 za mafunso. Manja 30 akwera. Funso limodzi ndi yankho lake zimatenga pafupifupi mphindi 2, ndiye kuti mungayankhe mafunso 10 cabe. Mukangotsatira mzere, mumva anthu 10 ofulumira kudiniza, ndipo mwina asanu mwa iwo afunsa cinthu cimodzimodzi m'mau osiyana. Apa ndi pamene voti imathandiza.

Uzani anthu kuti mutsitsa manja onse kwa kanthawi, kenako dinizani Lower All Hands. Tsegulani Polls, sankhani funso limene munakonza, "Funso lanu likukhudza ciani?", lokhala ndi mayankho anayi: malipiro, maola a nchito, chuti, zina. Liikeni pa Single Choice. Pa Multiple Choice anthu amasankha zonse ndipo simuphunzirapo kanthu. Dinizani Launch, dikirani mphindi imodzi mukuona ciwerengero ca ovota cikukwera, kenako End Poll ndi Share Results kuti onse aone zotsatira.

Tinene kuti avota anthu 90: malipiro 48, maola 24, chuti 12, zina 6. Mphindi 2 zapita pa voti, mwatsala ndi 18, kutanthauza mafunso 9. Agaweni motsatira mavoti: asanu a malipiro, awiri a maola, limodzi la chuti, limodzi la zina. Ndiyeno nenani kuti, "Amene ali ndi funso la malipiro okha akweze dzanja." Mukatsiriza asanu aja, tsitsani manja onse, muitane gulu lotsatira. Gulu la anthu 6 lija musalisiye ngakhale kuti ndi laling'ono. Nthawi zambiri funso limene simunaliganizire limacokera kumeneko.

Anthu 30 amene sanavote si onse amene akana. Host ndi Co-host sangavote, ndipo olowa mwa kuimba foni saiona n'komwe voti. Awerengereni funsolo mokweza, ndipo muwasungire mpata umodzi wofunsa kudzera pa *9. Ngati nkhani ndi yoti anthu angaope kudziwika, monga madandaulo a malipiro pamaso pa akuluakulu a nchito, ikani voti kuti ikhale yosaonetsa maina pamene mukuilemba, ndipo muwauze kuti mwatero. Samalaninso ndi Relaunch Poll: imafafaniza zotsatira zoyamba pa sikirini, conco jambulani kapena lembani ziwerengero kaye.

Tizizindikiro

Pali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Tizithunzi monga kuwomba m'manja ndi cala cacikulu timazimirira tokha pakapita masekondi 10. N'tabwino poyamikira wokamba, koma sitingawerengedwe, cifukwa woyamba kudiniza amakhala atazimirira wotsiriza asanadinize. Yes, No, Slow down ndi Speed up zimakhalabe mpaka munthuyo kapena inu mutazicotsa, ndipo ciwerengero cake cimaoneka pa Participants.

Mukayankha funso lalikulu la malipiro, funsani kuti, "Ngati yankho ili lakhudzanso funso lanu, dinizani Yes, mutsitse dzanja." Mukaona Yes ambiri ndi manja akutsika, pitani patsogolo. Mukaona No angapo, itanani mmodzi wa iwo afotokoze pamene pasanamveke, m'malo mobwereza yankho lonse. Musanafunsenso funso lina lotere, dinizani Clear All Feedback, apo ayi mudzawerenga ma Yes a funso lapita. Onani kaye kuti maina a pamzere alembedwa, kuopera kuti manja angatsikire limodzi.

Musagwiritse nchito kukweza dzanja povota, monga kunena kuti "ogwirizana nazo akweze manja". Mzere wa mafunso umasokonezeka pomwepo, ndipo simungadziwenso amene akuvomereza ndi amene wakhala akudikira kufunsa. Mafunso amene atsala nthawi itatha, apempheni awalembe mu Chat, ndipo womuthandiza asunge zolembedwazo ndi Save Chat musanadinize End.